2, 5, 10, 17, 28: yotsatira ndi 37 kapena 41?

*Ndimaphunzitsa masamu Fomu 2 ndipo ndimayang'anira kalabu ya masamu pasukulu pathu. Sabata yatha ndinakopera funso ili papepala lakale la fotokope n'kulitumiza pagulu lathu la WhatsApp: 2, 5, 10, 17, 28, ? Ana atatu ayankha 41. Mphunzitsi mnzanga akuti yankho ndi 37, ndipo akuti ineyo ndiye ndinalakwitsa potayipa. Pepalalo ndi lofufutika, sindikutha kuona bwino. Walondola ndani? Nanga ndizidziwa bwanji kuti nambala ina yalakwika ndisanatumize?*

Aphunzitsi, ana atatuwo muwachongere. Pa funso limene iwo analandira pafoni, 41 ndi yankho lolondola ndipo lili ndi chifukwa chomveka. Komanso anzanuwo musawatsutse msanga, chifukwa n'kutheka ndithu kuti papepala lija panalembedwa 26 osati 28, ndipo kukanakhala choncho yankho likanakhaladi 37. Apa pali mafunso awiri osiyana, ongosiyana pa kanambala kamodzi, ndipo mwatsoka 6 ndi 8 ndi manambala amene amafanana kwambiri pa fotokope yotha inki.

Tiyeni tiyang'ane mipata, kutanthauza chimene chimatsala tikachotsera nambala iliyonse ku inzake yotsatira. Kuchoka pa 2 kufika pa 5 mpata wake ndi 3. Kuchoka pa 5 kufika pa 10 ndi 5. Kuchoka pa 10 kufika pa 17 ndi 7. Mpaka apa aliyense akugwirizana: 3, 5, 7. Nkhani yagona pa mpata wachinayi. Ngati nambala yachisanu ndi 26, mpatawo ndi 9, ndipo mipata yonse ikhala 3, 5, 7, 9, manambala osagawika ndi 2 motsatizana. Wotsatira ndi 11, ndipo 26 kuphatikiza 11 ndi 37. Lamulo lakelo tingalinenenso chonchi: tengani malo a nambalayo pamzere, muwachulukitse ndi iwo omwe, n'kuwonjezera 1. Malo achisanu akupatsani 25 ndi 1, yomwe ndi 26. Malo achisanu ndi chimodzi akupatsani 36 ndi 1, yomwe ndi 37.

Koma ngati nambala yachisanu ndi 28, mpata wachinayi ndi 11, ndipo mipata ikhala 3, 5, 7, 11. Mwana amene anamvetsa phunziro la mapulaimu, manambala aja osagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni, awazindikira nthawi yomweyo. Wotsatira ndi 13, ndipo 28 kuphatikiza 13 ndi 41. Chimene chikulimbitsa yankho limeneli n'chakuti nambala yoyambirira, 2, ndiyonso pulaimu yoyamba. Ndiye kuti mzere wonse ndi kuwonkhetsa mapulaimu: 2, kenako 2 ndi 3, kenako 2 ndi 3 ndi 5, choncho basi mpaka 41, 58, 77, 100. Uwu si mzere wongopeka pofuna kudziteteza ayi, ndi mzere wodziwika bwino m'masamu.

Malamulo awiriwa amayendera limodzi chifukwa 3, 5 ndi 7 ndi osagawika ndi 2 komanso ndi mapulaimu. Amasiyana pa 9, yomwe ndi 3 kuchulukitsa ndi 3, kotero si pulaimu. Choncho pa funso lanu, manambala anayi oyambawo sakusankha lamulo. Nambala imodzi yokha, yachisanuyo, ndiyo yasenza funso lonse pamutu. Chimene sichingatheke n'chakuti 37 itsatire 28, chifukwa mipata ikanakhala 3, 5, 7, 11, 9, zomwe sizikutsata lamulo lililonse limene mwana wa Fomu 2 angayembekezeredwe kulipeza. Yankho la anzanuwo likugwira pokhapokha atayamba akonza funsolo.

Pepala lija musalitaye. Likwezeni pawindo dzuwa likuwala kumbuyo kwake, ndipo nambala yokayikitsayo muiyerekeze ndi 6 wina komanso 8 wina wa patsamba lomwelo. 6 amakhala wotseguka kumanja chakumtunda, pamene 8 ndi wotsekeka ndipo ali ndi chiuno mbali zonse ziwiri. Kenako onani mafunso oyandikana nalo. Ngati ena onsewo ndi a masikweya ndi a kupeza nambala ya malo akutiakuti pamzere, ine ndingakhulupirire kuti panali 26. Ngati tsambalo likukamba za mapulaimu ndi zogawa, ndiye kuti munatayipa bwino. Masamu okha sangakuuzeni zimenezi, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna ndichifotokoze bwinobwino, poti ndi pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri.

Nambala yolakwika imasiya mapazi. Ikakhala pakati pa mzere, mapazi ake amaoneka bwino moti mutha kuiloza ndi chala n'kunenanso kuti yalakwika ndi zingati. Tiyese ndi mzere uwu, womwe ndauwononga dala pa malo amodzi: 5, 8, 14, 32, 35, 50, 68. Lembani mipata pansi pake, kenako mipata ya mipatayo pansinso.

```
5    8    14    32    35    50    68
   3    6    18     3    15    18
     3    12   -15    12     3
```

Mzere wapakatiwo ukusokoneza, koma wapansiwo ukulankhula. Kumayambiriro kuli 3, kumathero kulinso 3, ndiye n'zachidziwikire kuti onse anayenera kukhala 3. Atatu apakatiwo ndiwo apatuka. 12 yapitirira ndi 9, -15 yaperewera ndi 18, ndipo 12 inayo yapitiriranso ndi 9. Taonani kayendedwe kake: kukwera ndi 9, kutsika ndi 9 kawiri, kukweranso ndi 9. Amenewo ndiwo mapazi a nambala imodzi yolakwika, ndipo nthawi zonse amaoneka choncho. Chifukwa chake n'chosavuta. Nambala ikakula mopitirira ndi 9, mpata wa kumanzere kwake umakula ndi 9, ndipo wa kumanja kwake umachepa ndi 9. Mukatenganso mipata ya iyoyo, cholakwacho chimafalikira pa malo atatu, ndipo apakati amalandira kawiri. Tsono kwezani chala kuchokera pa -15 molunjika m'mwamba: mufika pa 32. Chotsanipo 9, mupeza 23. Mzere woona unali 5, 8, 14, 23, 35, 50, 68, ndipo mipata yake ndi 3, 6, 9, 12, 15, 18.

Pali chinanso chimene 9 ameneyu akutiuza. Wotayipa akasinthanitsa manambala awiri oyandikana, monga 23 kukhala 32, kapena 37 kukhala 73, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Pa 23 ndi 32 ndi 9, pa 37 ndi 73 ndi 36. Anthu owerengera ndalama m'maofesi amaidziwa njira imeneyi kalekale: mabuku akakana kugwirizana ndi ndalama yogawika ndi 9, amayamba kufunafuna pamene zala zinatsogolerana. Inunso mukapeza kuti cholakwa ndi 9, 18, 27 kapena 36, yambani mwatembenuza nambalayo muone.

Tsopano bwererani ku funso lanu. 28 ili kumapeto kwa mzere. Ilibe mnzake kumanja kwake, choncho mwa mapazi atatu aja, limodzi lokha ndilo likuoneka. Mipata ya mipata ndi 2, 2, 4, basi. 4 ameneyo angakhale phazi loyamba la cholakwa, angakhalenso chiyambi cha lamulo lina, ndipo palibe choti chikusiyanitsireni. Mukanakhala ndi manambala awiri owonjezera, nkhani ikanatha pompo. Mzere wa 2, 5, 10, 17, 28, 37, 50 ukanapereka 2, 2, 4, -2, 4 pansi pake, kutanthauza kupitirira ndi 2, kuperewera ndi 4, kupitirira ndi 2, ndipo tikanati mosakayika 28 ndi 26 wotayipidwa molakwika. Mzere wa 2, 5, 10, 17, 28, 41, 58 ukanationetsa 11, 13, 17, ndipo tikanati ndi mapulaimu. N'chifukwa chake ine ndimaopa kwambiri nambala yomaliza musanafike pa chizindikiro cha funso. Ndiyo imene ilibe mboni.

Njira ya mipatayi ili ndi malire, ndipo ndi bwino muwadziwe kuti musaidalire pamene singakuthandizeni. Imagwira pa mizere imene mipata yake, ukamatsika nayo, imafika pofanana yonse, monga ya masikweya. Pa mzere wochulukitsa, monga 3, 6, 12, 24, 48, muzigawa nambala ndi inzake yam'mbuyo m'malo mochotsera. Pa mzere wa Fibonacci, momwe nambala iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri zam'mbuyo, muziyesa kuphatikizako malo ndi malo. Pamenepa mutha kusiyanitsanso mitundu iwiri ya zolakwa. Onani 1, 1, 2, 3, 5, 9, 13, 21. Kuphatikiza kukukanika katatu motsatizana: 3 ndi 5 si 9, 5 ndi 9 si 13, 9 ndi 13 si 21. Nambala yopezeka m'zokanika zonse zitatu ndi 9, ndipo mukaikapo 8 zonse zikhala bwino. Uku ndi kulakwa kwa chala. Koma 1, 1, 2, 3, 5, 9, 14, 23 ikukanika kamodzi kokha, pa 9 pomwepo, kenako n'kumayenda bwinobwino. Uku ndi kulakwa kwa wopanga funso: anawonkhetsa molakwika n'kupitiriza kumanga pa maziko okhota. Cholakwa choyamba mumakonza nambala imodzi, chachiwiri mumafufuta zonse zotsatira.

Komabe ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, chifukwa munthu akaphunzira kugwira zolakwa amayamba kuziona paliponse. Si nambala iliyonse yodabwitsa imene ili yolakwika. Chaka china ndinakonza mafunso a mpikisano wa masukulu, ndipo limodzi linali 1, 2, 4, 8, 16, 31, ? Ndinapereka pepala lolemba pamanja kwa wotayipa. Iye, pofuna kundithandiza, anaganiza kuti dzanja langa laterereka n'kulemba 32. Ndinazindikira mapepala atagawidwa kale, ana onse atalemba 64, pamene pepala langa la mayankho linali ndi 57. Anawo sanalakwe, ndipo tinawapatsa malikisi onse, koma funso limene ndinkafuna kuti liwaganizitse linali litafa.

31 ameneyo ndi weniweni, ndipo mutha kumuonetsa pabolodi ndi choko. Jambulani bwalo, muike madontho m'mphepete mwake, n'kulumikiza dontho lililonse ndi linzake lililonse ndi mzere wowongoka. Kenako werengani zigawo zimene bwalolo lagawika. Dontho limodzi, chigawo chimodzi. Madontho awiri, zigawo 2. Atatu, 4. Anayi, 8. Asanu, 16. Pofika apa kalasi yonse imakuwa kuti asanu ndi limodzi apereka 32. Koma muwerenge kangati konse, mupeza 31, ndipo madontho asanu ndi awiri amapereka 57. Funso limeneli limadziwika ndi dzina la katswiri wa masamu Leo Moser. Pojambula samalani kuti madontho asanu ndi limodziwo asatalikirane mofanana, chifukwa mizere itatu idzakumana pakati penipeni, kachigawo kamodzi n'kusowa, inu n'kupeza 30. Ndipo mukatsika ndi mipata ya 1, 2, 4, 8, 16, 31, 57, mupeza 1, 2, 4, 8, 15, 26, kenako 1, 2, 4, 7, 11, kenako 1, 2, 3, 4, pomaliza 1, 1, 1. Mzerewo ndi waukhondo, mulibe mapazi a cholakwa. Choncho lamulo langa kwa aliyense wonditayipira ndi lakuti alembe chimene akuona, ndipo akakayikira aike kachizindikiro m'mbali n'kundifunsa. Asakonze yekha.

Mafunso oganiza, aja a mawu okhaokha opanda manambala, ali ndi vuto lomweli, kungoti chimene chimalakwika ndi liwu. Tengani ili. Mayi apeza usipa wadyedwa mumphika. Mwana wamkulu akuti wadya ndi wapakati. Wapakati akuti sanadye. Wamng'ono nayenso akuti sanadye. Wadya ndi mmodzi, ndipo mmodzi yekha ndiye akunena zoona. Wamkulu ndi wapakati akutsutsana, ndiye woona uja ali pakati pa awiriwa. Zikatero wamng'ono akunama, ndipo ndiye wadya. Yankho ndi limodzi. Tsopano wokopera alembe kuti mmodzi yekha ndiye akunama. Wonamayo ali pakati pa awiri otsutsana aja, wamng'ono n'kukhala wosalakwa. Ngati wadya ndi wamkulu, wonama ndi iye yekha. Ngati wadya ndi wapakati, wonama ndi iyenso yekha. Mayankho awiri onse akukwanira, funso lagamphuka pakati. Chizindikiro cha funso lotere likakopedwa molakwika n'chimenechi: limatulutsa mayankho angapo kapena osatulutsa ndi limodzi lomwe. Kuti mudziwe, yesani munthu aliyense payekhapayekha, osaima mutangopeza woyamba kukwanira.

Nanga musanatumize muzitani? Chachikulu kuposa zonse, musatumize mzere umene inu simunalipeze lamulo lake, ndipo mulipeze kuchokera pa zimene mwatayipa, osati papepala loyamba. Maso amawerenga chimene mutu ukudziwa kale. Munthu wodziwa kuti payenera kukhala 26 amatha kudutsa pa 28 katatu osaiona. Ndi bwinonso kupatsa mnzanu amene sanaone pepala loyamba kuti ayankhe funsolo pafoni yanu. Akapeza yankho losiyana ndi lanu, mwagwira vuto ana asanalione. Mukakhala awiri, wina aziwerenga mokweza nambala imodziimodzi kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo, wina akulondola ndi chala. Kubwerera m'mbuyoko kumalepheretsa mutu kulosera.

Ngati funsolo mukupanga nokha ndipo muli ndi kompyuta, lolani kuti lamulo libale manambalawo, osawatayipa pamanja. Mu Excel lembani 1, 2, 3 mpaka 8 motsika mu danga la `A`, kenako izi m'mabokosi otchulidwawa, n'kuzikokera pansi:

```
B1:  =A1^2+1
C2:  =B2-B1
D3:  =C3-C2
```

Danga la `D` likhale 2 yekhayekha. Koma musasankhe 2, 5, 10, 17 n'kukoka kakona kuti Excel ipitirize yokha. Siifufuza lamulo lanu, imangoyerekeza mzere wowongoka wodutsa pafupi ndi manambalawo, ndipo ikupatsani 21.

Pafoni pali misampha itatu imene ndimaiona kawirikawiri. Kanambala kakang'ono ka pamwamba kamatsika pokopera, 2 wokhala ndi 5 pamwamba, yemwe ndi 32, n'kusanduka 25. Lembani `2^5` kuti pasakhale chikaiko. Chizindikiro chochotsera cha kutsogolo kwa nambala chimasowa kapena kutsalira kumapeto kwa mzere wapamwamba. Ndipo chizindikiro cha koma cha masauzande chimasokonezeka ndi koma wolekanitsa manambala: pa 256, 512, 1,024 mwana wina awerenga 1 payekha ndi 024 payekha. M'mizere yotere lembani 1024 basi. Mukakopera papepala, tumizani chithunzi chake pamodzi ndi zotayipazo kuti wina athe kuyerekeza.

Mukakayikira ngati mzere wanu uli ndi malamulo awiri, pali malo ofunsako. Katswiri wa masamu Neil Sloane anayamba kusonkhanitsa mizere ya manambala mu 1964, ndipo lero nkhokwe yake ili pa intaneti, pa `oeis.org`, yaulere. Mumangolemba manambala anu molekanitsa ndi makoma. Lembani anayi oyamba okha, `2,5,10,17`, muona mizere yambiri yokhala ndi manambala amenewa motsatizana. Wa masikweya uja nambala yake ndi `A002522`, wa mapulaimu ndi `A007504`, wa bwalo uja ndi `A000127`. Nakonso kumafunika kutayipa ndendende, chifukwa nambala imodzi ikalakwika mudzalandira mzere wina kapena osalandira kanthu. Kusalandira kanthuko pa funso la ana asukulu ndi chizindikiro champhamvu chakuti penapake palakwika.

Ndinenenso chimodzi pa za chilungamo pochonga. Mzere waufupi sumanga yankho limodzi mwa iwo wokha. Mwana wina akanatha kutsika ndi mipata ya funso lanu mpaka pansi: 3, 5, 7, 11, kenako 2, 2, 4, kenako 0, 2, kenako 2. Akanati 2 wapansiyo asasinthe, n'kukwera nazo: 4, kenako 8, kenako 19, ndipo 28 ndi 19 ndi 47. Lamulo lakelo ndi lolemera kuposa la mapulaimu, ndipo ine ndingamuuze kuti 41 ndi yopepuka komanso yofotokoza nambala yoyamba ija, koma sindingamuuze kuti sanaganize. N'chifukwa chake pa kalabu ndimafuna mwana alembe lamulo lake pambali pa yankho. Popanga mafunso, perekani manambala asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo nthawi zina muike mpata wosowawo pakati pa mzere, kuti manambala a kumanja akhale mboni za a kumanzere.

Pa tsiku la kalabu likubwerali, auzeni anawo zoona, kuti pepala linali lofufutika ndipo nambala imodzi ikukayikitsa. Lembani mizere iwiri pabolodi, wina pamwamba pa unzake, 2, 5, 10, 17, 26 ndi 2, 5, 10, 17, 28. Ana atatu aja afotokoze mmene anapezera 41, anzanu aja afotokoze 37, kenako kalabu yonse ipeze nambala yachisanu ndi chiwiri ya mzere uliwonse. Wapamwamba apeze 50, wapansi 58. Mukatero muwapatse 5, 8, 14, 32, 35, 50, 68, muwauze kuti nambala imodzi ndi yolakwika, aisake okha.